Mwakonzetsa malamulo a gulu: mmene mungadziwire zimene zawongoka ndi zimene zatayika

Vutoli limabwera kawirikawiri m'magulu a banki m'khonde, m'makomiti a mjigo ndi m'mabungwe ang'onoang'ono a kutchalitchi. Gulu limapereka malamulo ake akale kwa munthu wodziwa kompyuta kuti awatayipenso ndi kuwongola Chichewa. Chikalata chimabwerako chooneka bwino, chachifupi, chosavuta kuwerenga, ndipo aliyense amakondwa. Patapita miyezi ingapo munthu wina amachedwa kubweza ngongole, mlembi n'kutsegula chikalata chatsopano chija, ndipo zimene zalembedwamo sizikugwirizana ndi zimene anthu akukumbukira kuti anagwirizana.

Pulogalamu ya kompyuta imakuonetsani pamene mawu asintha, basi. Siikuuzani ngati tanthauzo lasintha, ndipo kuchuluka kwa mizere yofiira sikusonyeza kukula kwa vuto. Zitsanzo zonse m'munsimu n'zochokera m'malamulo a banki m'khonde, koma njira zake zimagwiranso pa kalata, pa maminitsi a msonkhano ndi pa lipoti.

## Musanayambe

- Koperani mafayilo onse awiri ndipo gwirani ntchito pa okoperawo. Oyambirira asiyeni osawakhudza.
- Mu Word ya pakompyuta pitani pa `Review`, kenako `Compare`. Chikalata chakale chiikeni pa `Original document`, chatsopano pa `Revised document`, ndipo zotsatira zituluke mu `New document`.
- Mu Google Docs muli `Tools` kenako `Compare documents`. Mu LibreOffice muli `Edit`, `Track Changes`, `Compare Document`.
- Ngati chakale chili m'kope cholembedwa pamanja, khalani anthu awiri. Mmodzi aziwerenga chakale mokweza, wina azitsata chatsopano ndi cholembera m'manja, chiganizo chimodzichimodzi. Njira imeneyi ndi yochedwa koma imagwira zinthu zimene makina amaphonya.

## Chizindikiro 1: Simukudziwa kuti chakale n'chiti

Dutsani pano msanga koma musalumphe, chifukwa mukatembenuza zikalatazi, mawu amene anachotsedwa amaoneka ngati owonjezeredwa.

1. Mayina a mafayilo ndi osokoneza. Ili ndiye vuto lofala kwambiri: fayilo ina ikuti "malamulo omaliza", ina "malamulo omaliza enieni". Yang'anani m'kati mwa chikalata. Mtengo wa sheya, mayina a akomiti ndi tsiku la msonkhano zimaulula chaka chake.
2. Tsiku la fayilo likunama. Fayilo yotsitsidwa pa WhatsApp kapena pa imelo imatha kuonetsa tsiku limene inafika pa foni yanu, osati limene inalembedwa. Dalirani tsiku la uthenga umene unabweretsa fayiloyo.
3. Zonse ziwiri n'zatsopano. Anthu awiri anatenga chikalata chimodzi n'kukonza aliyense payekha. Zikatero musaziyerekeze zokhazokha. Pezani chimene anthu anasayina, ndipo yerekezani chilichonse ndi chimenecho.

## Chizindikiro 2: Tsamba lonse lafiira

Mwayerekeza, ndipo pafupifupi mzere uliwonse uli ndi chizindikiro. Nthawi zambiri si kuti wokonzayo analemba zonse mwatsopano.

1. Kaonekedwe ka zilembo kasintha. Wina anasintha kukula kwa zilembo, kuzidetsa kapena kutalikitsa mizere. Pa bokosi la `Compare` dinani `More` n'kuchotsa chizindikiro pa `Formatting`, `White space` ndi `Case changes`, kenako yerekezaninso.
2. Kachizindikiro ka m'mwamba. Chichewa chadzaza ndi mawu monga m'mudzi, ng'ombe ndi n'kofunika. Foni imakonda kulemba kachizindikiro kowongoka, pamene Word imakapinda yokha. Maso saona kusiyana koma pulogalamu imawerenga mawu onsewo ngati osinthidwa. Pa mafayilo okopera aja, gwiritsani ntchito `Ctrl+H` kuti kachizindikiroko kakhale kamtundu umodzi m'zikalata zonse ziwiri. Chitaninso chimodzimodzi ngati wina analemba ŵ pamene mnzake analemba w.
3. Chikalata chimodzi chinachokera ku PDF kapena ku chithunzi. Posandutsa PDF kukhala Word, mizere imaduka pakati pa chiganizo, ndipo zilembo zina zimawerengedwa molakwika, monga 0 ndi O kapena 1 ndi l. Pemphani fayilo yeniyeni ya Word. Ikasowa, bwererani ku njira ya anthu awiri ija.
4. Analembadi mwatsopano. Ngati mwachotsa zonsezi koma kufiira kudakalipo, makina sakuthandizaninso. Sindikizani zonse ziwiri ndipo pitani pa chizindikiro 4.

## Chizindikiro 3: Zofiira n'zochepa, koma anthu akuti lamulo lasintha

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu akaona kuti pa tsamba lonse pafiira mawu atatu okha amadina `Accept All` mtima uli m'malo. Koma m'Chichewa kachigawo kamodzi ka mneni kamanyamula lamulo lonse, ndipo kusintha kwa zilembo zitatu kumatha kukhala kwakukulu kuposa ndime yonse yolembedwanso.

Choyamba, yang'anani mneni. "Azilipira" ndi "adzalipira" amasiyana pang'ono pa pepala. Woyambayo akutanthauza kulipira mobwerezabwereza, wachiwiriyo munthu akhoza kumuwerenga kuti n'kulipira kamodzi. "Ayenera kufika pamsonkhano" ndi lamulo, pamene "angathe kufika" ndi chilolezo chabe. Wokonza wofuna kuti chikalata chimveke chaulemu amakonda kufewetsa mawu oterewa osazindikira kuti wachotsa mphamvu ya lamulo.

Chachiwiri, mawu a malire. Izi ndi ziwiriziwiri zimene zimasinthana mosavuta:

- osachepera ndi osapitirira
- pasanathe ndi patatha
- "ndi" komanso "kapena"

Lamulo loti bokosi litsegulidwe pamaso pa wapampando ndi mlembi limafuna anthu awiri. Likasanduka "wapampando kapena mlembi", munthu mmodzi wakwanira. Liwu limodzi lokha ndi limene lafiira pamenepo, koma chitetezo cha ndalama za gulu chatsika ndi theka.

Chachitatu, manambala ndi mawu owazungulira. Nambala imatha kukhala yomweyo koma mawu oiperekeza atachoka. Chakale chinkati "chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa mwezi", chatsopano chikuti "chiwongoladzanja cha 10 peresenti". Pa ngongole ya K50,000 ya miyezi itatu, mukawerengera pa ndalama imene munthu anatenga, chakale chikupereka K15,000 pamene chatsopano munthu akhoza kulimbikira kuti ndi K5,000 basi. Mu Word, mukatsegula `Ctrl+H` n'kulemba `^#` m'bokosi la `Find what`, `Find Next` imakufikitsani pa nambala iliyonse. Pa nambala iliyonse werengani mawu atatu a kumbuyo ndi atatu a kutsogolo m'zikalata zonse ziwiri.

Chachinayi, ndipo si chofala kwambiri, zosintha zabisika. Onani ngati pa `Review` pasankhidwa `All Markup`. Pakakhala `Simple Markup` mumangoona kamzere kofiira m'mphepete, pakakhala `No Markup` simuona kalikonse. Dziwaninso kuti chikalata chikakhala ndi zosintha za `Track Changes` zimene sizinavomerezedwe, Word poyerekeza imazitenga ngati zovomerezedwa kale.

## Chizindikiro 4: Chatsopano n'chachifupi ndipo chikumveka bwino

Kufupikitsa si kulakwa. Malamulo ambiri olembedwa pamsonkhano amakhala ndi mawu obwerezabwereza, ndipo wowadula amathandiza gulu. Vuto n'lakuti mawu amene amachititsa chiganizo kukhala chachitali ndi cholemetsa nthawi zambiri ndi omwewo amene anthu anakangana nawo tsiku lonse asanagwirizane. Taonani ndime iyi.

Chakale:

"Membala amene walephera kubweza ngongole yake pasanathe miyezi itatu azilipira chindapusa cha K1,000 sabata iliyonse kufikira atamaliza kubweza, pokhapokha ngati gulu lavomereza pamsonkhano kuti membalayo wadwala kapena wagwa m'maliro."

Chatsopano:

"Wolephera kubweza ngongole pa nthawi yake adzalipira chindapusa cha K1,000."

Chiganizo chachiwirichi n'chokoma kuchiwerenga, ndipo ambiri akachimva amagwedeza mutu kuti ndi zomwezo. Kuti muone chimene chachitika, lekani kuyerekeza mawu. Funsani ndime iliyonse mafunso asanu n'kulemba mayankho ake pambali: ndani, achite chiyani, liti, zingati, nanga ndi liti pamene lamuloli siligwira ntchito.

Funso la "ndani" likuyankhidwa mofanana, ndipo kusintha "membala amene walephera" kukhala "wolephera" n'kwabwino, palibe chimene chatayika. Funso la "liti" chakale chikuliyankha kuti miyezi itatu, pamene chatsopano chikuti "pa nthawi yake". Mawu amenewa ndi abwino pokhapokha ngati ndime ina yanena nthawiyo, ndiye pitani mukaifufuze. Mukaipeza, wokonzayo wangochotsa kubwereza ndipo mukhoza kuvomereza. Mukapanda kuipeza, miyezi itatu ija yasowa m'chikalata chonse. Pa "zingati" nambala ndi yomweyo, koma "sabata iliyonse kufikira atamaliza" palibenso. Funso lomaliza chatsopano sichikuliyankha n'komwe.

Tsopano yesani ndi munthu wongoyerekeza. Mayi wina wachedwa masabata anayi popanda chifukwa. Chakale chikuti alipire K4,000, chatsopano chikuti K1,000, ndipo akalipira kamodziko palibenso chomufulumizitsa kubweza. Mayi wachiwiri wachedwa chifukwa anali m'chipatala ndi mwana. M'chakale gulu likhoza kumukhululukira (ngakhale kuti chakalecho chikunena za kudwala kwa membala mwiniwake, ndipo za mwana anthu akhoza kutsutsana), pamene m'chatsopano alipire basi. Kusintha kumodzi kwapeputsira wochedwa dala ndipo kwalemetsa wovutika. Palibe amene anafuna zimenezo.

Kuyesa ndi munthu wongoyerekeza ndiye muyeso umene ndimaudalira kuposa wina uliwonse. Ngati zikalata ziwiri zikupereka yankho lofanana pa munthu wamba, pa wochedwa ndi pa wovutika, kusinthako n'kwa kalembedwe chabe. Yankho likasiyana pa mmodzi yekha, lamulo lasintha.

Ndimeyi ikhoza kukonzedwa potenga zabwino za mbali zonse:

"Wolephera kubweza ngongole pasanathe miyezi itatu azilipira chindapusa cha K1,000 sabata iliyonse kufikira atamaliza. Gulu likhoza kumukhululukira pamsonkhano ngati wadwala kapena wagwa m'maliro."

Zimene zimatayika pofupikitsa, kuyambira zofala kwambiri:

1. Zopatula. Fufuzani m'chakale ndi `Ctrl+F` mawu akuti pokhapokha, kupatula, ngati ndi koma. Paliponse pamene mwawapeza, onani ngati ganizolo lilipo m'chatsopano, ngakhale m'mawu ena.
2. Wochita ntchitoyo. "Msungichuma azisunga bokosi" ikasanduka "bokosi lizisungidwa bwino", ntchito yatsala yopanda mwini. Aneni othera ndi -idwa kapena -edwa amene m'chakale munalibe ayenera kukuimitsani.
3. Nthawi ndi kabwerezedwe. Sabata iliyonse, pa mwezi, tisanagawane masheya.
4. Chifukwa cha lamulo. Ichi chikachoka lamulo limakhalabe, ndipo nthawi zambiri ndimavomereza kuti chichoke. Koma chisachoke ngati ndi chimene chimathandiza kuweruza nkhani yovuta, monga cholinga cha thumba la zadzidzidzi.

## Chizindikiro 5: Ndime yasowa, kapena ikuloza polakwika

1. Yasamutsidwa, sinachotsedwe. Word ikazindikira kusamutsa imaonetsa mawuwo obiriwira ndi mizere iwiri, bola pa `Moves` pakhale chizindikiro. Koma ndime ikasamutsidwa n'kukonzedwanso pang'ono, imaoneka ngati yafufutidwa pano ndi kulembedwa yatsopano kwina. Fufuzani liwu limodzi losowa la m'ndimeyo musanaimbe mlandu wokonzayo.
2. Yasamukira pansi pa mutu wina. Mawu ndi omwewo koma malo asintha tanthauzo. Chiganizo choti "ndalama zimenezi sizibwezedwa" chikakhala pansi pa thumba la zadzidzidzi n'cholondola. Chikagwera pansi pa masheya ndi nkhani ina. Paliponse pamene pali "zimenezi", "iye" kapena "pamwambapa", funsani kuti tsopano akuloza chiyani.
3. Manambala a ndime asuntha. Wokonza waika ndime yatsopano pakati, ndipo imene inali 7 yakhala 8. Kutsogolo chikalata chikunenabe kuti "monga mwa ndime 7". Pulogalamu siionetsa chilichonse pamenepa chifukwa mawuwo sanasinthe. Tsatani nokha paliponse pamene ndime ikutchula inzake.
4. Zili kunja kwa thupi la chikalata. Mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba, a m'matebulo ndi a m'timabokosi amaphonyeka ngati pa `Headers and footers`, `Tables` ndi `Textboxes` panalibe chizindikiro.

## Chizindikiro 6: Kusinthako n'kwabwino, koma ena akukana

Chakale chinkati "ndalama ziziwerengedwa pamsonkhano". Chatsopano chikuti "owerenga ndalama awiri aziwerenga ndalama pamaso pa mamembala onse msonkhano usanatsekedwe". Aliyense woganiza bwino aona kuti chachiwirichi n'cholimba. Komabe wina akaimirira n'kunena kuti "izi sitinapangane ife", akhoza kukhala kuti akunena zoona.

Chifukwa chofala n'chakuti wokonzayo anapemphedwa kuwongola kalembedwe, iye n'kuwongolanso lamulo. Funso loti kusintha n'kwabwino ndi losiyana ndi funso loti wosinthayo anali ndi mphamvu yosintha. N'chifukwa chake kusintha kulikonse ndimakuika m'gulu limodzi mwa atatu, n'kulemba chilembo m'mphepete mwa pepala:

- K, kalembedwe. Zilembo zolakwika, mawu obwereza, chiganizo chachitali chogawidwa pawiri. Mlembi akhoza kuvomereza yekha.
- M, kumveketsa. Mawu atsopano akunena zimene gulu limachita kale. Ngati owerenga ndalama awiri alipo kale ndipo amawerengadi pamaso pa onse, chitsanzo chathu chikugwera pano. Akomiti atsimikize.
- L, lamulo. Pali munthu amene adzalipira, kulandira kapena kuloledwa zosiyana ndi kale. Izi zipite ku msonkhano wa onse ndipo zilembedwe m'maminitsi, zikhale zabwino kapena zoipa.

Chifukwa china, chosafala kwenikweni, n'chakuti liwu limodzi lasanduka mawu awiri. Wokonza wotopa ndi kubwereza "chindapusa" walemba pena "chilango", pena "ndalama yowonjezera". M'nkhani yongowerenga kusinthasintha mawu kumakometsa, koma m'malamulo wowerenga amaganiza kuti ndi zinthu zitatu zosiyana. Bwezeretsani liwu limodzi ponseponse, ngakhale limveke lotopetsa.

Pomaliza pali kukonda chabe. Wina amakonda "ayenera", wina "akuyenera". Ngati mafunso asanu aja akuyankhidwa mofanana, sankhani chimodzi n'kupitirira, musathere msonkhano pamenepo.

## Pamene muyenera kuima n'kufunsa katswiri

- Chikalata chinasayinidwa kale, ndipo kope lina likusiyana ndi limene muli nalo pa ndalama, pa tsiku kapena pa dzina. Musakonze, musafufute, musalembepo kanthu. Sungani mapepala onse ndi mauthenga amene anabweretsa mafayilo, ndipo pitani nawo kwa loya. Ku Malawi amene sangathe kulipira loya akhoza kukafunsa ku Legal Aid Bureau.
- Ndi wilo, mgwirizano wogulitsana malo kapena nyumba, ngongole ya kubanki kapena kontrakiti ya ntchito. Yerekezani nokha kuti mudziwe pofunsa, koma chigamulo choti mawu atsopano akutanthauza zofanana ndi akale chikhale cha wodziwa malamulo.
- Chikalata chimodzi chili m'Chingerezi, china m'Chichewa. `Compare` siithandiza pamenepa. Pezani womasulira amene sanatenge nawo mbali polemba, ndipo gwirizanani kuti pakabuka kusamvana chotsatidwa ndi chiti.
- Muli malangizo a mankhwala, a anthu, a ziweto kapena opopera m'munda. Nambala kapena muyeso ukasiyana, musasankhe nokha umene ukuoneka wolondola. Funsani wachipatala kapena mlangizi.
- Gulu lanu linalembetsedwa kuboma kapena lili pansi pa bungwe lina. Malamulo ake amakhala ndi ndime yonena mmene angasinthidwire, ndipo kusintha kosatsata ndimeyo kukhoza kukanidwa. Funsani mlangizi wa gulu lanu musanasindikize.
- Fayilo ikukana kutseguka kapena ikuonetsa zilembo zosamveka. Musaisungenso pa dzina lomwelo. Perekani yokopera kwa wodziwa makompyuta, ndipo pakadali pano gwiritsani ntchito pepala losayinidwa.

Mukamaliza, sungani chikalata chogwirizanacho ndi dzina lokhala ndi tsiku la msonkhano umene unachivomereza, chisindikizeni, ndipo wapampando ndi mlembi asayine tsamba lililonse. Kope limodzi likhale m'bokosi la gulu, limodzi ndi chakale chija ndi pepala la zilembo K, M ndi L.